Ukwati Wopanda Ngongole: Mfundo Zofunika Kuzilingalira

Ndakhalapo msungichuma m'makomiti angapo a ukwati, ndipo tsiku limene limandimvetsa chisoni ndi Lolemba lotsatira ukwatiwo, pamene mwini holo, wophika ndi wojambula zithunzi amayamba kuimba foni kufuna ndalama zawo zotsala. Mfundo izi ndazitola pa Malolemba oterowo.

1. Ndalama ya perekaniperekani musaiwerengere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndalama imene anthu adzaponye m'lichero akuvina palibe amene akuidziwa, komabe maanja ambiri amakongola lero ati adzabweza ndi imeneyo. Pa tsikulo ndalama zimaoneka zambiri chifukwa alendo amasinthitsa K5,000 imodzi kukhala tindalama tating'onoting'ono kuti avine nthawi yaitali. Makasha akamaliza kuwerenga, mulu wonse uja umachepa modabwitsa. Bajeti iyambire pa ndalama zimene zili kale m'manja mwanu, ndipo zapamphasa zija zikadzabwera zidzakhale zoyambira banja. Malonjezo a abale nawonso ndimawadula pakati. Sikuti abalewo ndi abodza, koma amalume amene alonjeza mu Juni amakumana ndi fizi ya ana mu Seputembala ndi feteleza mu Novembala.

2. Yambani mwapatula za mawa lake la ukwati. Tiyerekeze kuti mkwati ndi mkwatibwi asunga K1,800,000, ndipo abale alonjeza K900,000. Pa malonjezowo tiwerengepo K450,000 yokha, zonse pamodzi zikhale K2,250,000. Tisanakambe za diresi, tichotse K400,000 ya lendi, chakudya cha mwezi woyamba ndi zofunika m'nyumba. Tichotsenso K200,000 ya zogwa mwadzidzidzi, pakuti mitengo siidikira tsiku lanu. Amene ankakonzekera ukwati mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amakumbukira momwe mitengo ya mafuta ophikira ndi zakumwa inasinthira m'masiku ochepa. Yotsala ndi K1,650,000, ndipo ukwati wa anthu awiriwa ndi umenewo basi.

Tsopano onani mphamvu ya chiwerengero cha alendo. Ngati mbale ya mpunga ndi nkhuku pamodzi ndi chakumwa ili pa K6,000, anthu 300 adya K1,800,000, kuposa thumba lonse, musanalipire ngakhale mphete. Anthu 120 adya K720,000, n'kutsala K930,000 ya malo, zovala, mphete, zokuzira mawu, zithunzi ndi galimoto. Makomiti amatha misonkhano itatu akukangana za mtundu wa nsalu zokongoletsera, pamene nkhani yeniyeni ili pa mndandanda wa oitanidwa. Mlendo aliyense woonjezera amafuna mpando, mbale ndi botolo, ndipo akachuluka amafunanso holo yaikulu.

3. Musachite maukwati anayi m'chaka chimodzi. Chinkhoswe n'chofunika, chifukwa ndi pamene ankhoswe a mbali ziwiri amadziwana ndi kulandira udindo wawo. Koma chingachitikire pakhomo, pansi pa mtengo wa mango, popanda holo kapena keke. Mukaonjeza phwando lotsanzikana ndi mkwatibwi ndi lina la mphatso za kukhitchini, anthu omwewo ndiwo mukuwapempha kanayi, ndipo pofika tsiku lenileni matumba awo auma.

4. Dziwani mtengo weniweni wa ngongole. Wina akabwereka K600,000 ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, ndiye kuti mwezi uliwonse K120,000 ikupita osakhudza ngongole yeniyeniyo. Pakatha miyezi itatu walipira K360,000, koma K600,000 ija ikadali chilili. Wa katapila amaposa pamenepo, ndipo ena amasunga khadi lanu la kubanki kuti malipiro akangolowa ayambe iwo kutapa. Choopsa kwambiri ndi ngongole yobisa. Ndinaonapo mkwati atakongola mwachinsinsi kuti alipire galimoto zapamwamba, mkazi wake n'kudzadziwa okongoza atabwera kudzanyamula firiji imene anapatsidwa ngati mphatso. Firijiyo anaigulanso patapita nthawi, koma mkaziyo anatenga zaka kuti ayambirenso kukhulupirira mawu a mwamuna wake pa nkhani ya ndalama.

5. Makolo auzeni chiwerengero, musawauze madandaulo. Apongozi akafuna kuitana mudzi wonse, tumani ankhoswe akanene mwaulemu kuti, "Amayi, mipando yanu ndi 30. Aliyense woonjezera ndi K6,000, ndipo tikufuna tidziwe amene amulipirire pofika kumapeto kwa mwezi uno." Kawirikawiri mndandanda umafupika wokha, ndipo nthawi zina pamapezeka mbale amene amaperekadi mbuzi kapena thumba la mpunga. Zimenezo msungichuma azilembe m'kope chinthucho chikafika pakhomo, osati pa tsiku limene chalonjezedwa.