Uthenga wa Sabata Ino: M'bale Amene Anasala Kudya Masiku 21



Ganizirani mnyamata wa m'kwaya, wokhulupirika pa chakhumi, wosaphonya mapemphero a usiku wonse. Kuyambira ali ndi zaka 13 mtima wake umakopeka ndi amuna anzake. Wasala kudya masiku 21, amusanjika manja katatu, koma m'mawa akadzuka apeza mtima uli chimodzimodzi. Manje afunsa: kodi Mulungu anandikana? Mwina mumakhala naye benchi imodzi. Mwina ndinu amene.

N'chifukwa chiyani mipingo yambiri imatsutsa? Imayambira pa Genesis 2, pomwe ukwati uoneka ngati wa mwamuna ndi mkazi. Imawerenganso Levitiko 18:22, Aroma 1:26-27 ndi 1 Akorinto 6:9-11. Kwathu kuno palinso mwambo wakuti mwana akakula akwatire, abereke, mtundu usathe.

Koma taonani bwino. Mavesi amenewa akamba za zochita. Ndiye chifukwa chake ngakhale mipingo yolimba pa chiphunzitso imasiyanitsa kukopeka ndi kuchita. Mabishopu a Anglikani pa msonkhano wa Lambeth mu 1998 anakana mchitidwewo, koma analonjezanso kumvetsera anthu otere ndi kuwatsimikizira kuti Mulungu amawakonda.

Nanga pemphero la kumasulidwa? Bungwe la Exodus International ku America linatha zaka zoposa 30 likulonjeza kuti anthu angasinthe. Mu 2013 linatseka, mtsogoleri wake Alan Chambers n'kupepesa. Anali atavomera kale kuti pafupifupi onse amene anakumana nawo sanasinthe. Choncho mtima ukapanda kusintha, musathamangire kunena kuti m'baleyo ali ndi chiwanda kapena chikhulupiriro chochepa.

Okhulupirira otere amayenda bwanji ndi Mulungu? Ena amasunga chiphunzitso cha mpingo n'kukhala osakwatira, monga Paulo. Njirayi njolemera, ndipo imatheka pokhapo mpingo ukakhala banja lawo lenileni, lowaitana ku nsima. Ena amawerenga mavesiwo mosiyana, amati Paulo ankadzudzula kupembedza mafano ndi kugwiritsa ntchito anthu ofooka, osati chikondi chokhulupirika. Mipingo yambiri sivomereza kumasulira kumeneku, ndiye ambiri a iwo amasamukira kumene amalandiridwa. Ena amakwatira chabe kuti anthu asiye kukamba, ndipo mkazi wosalakwa ndiye amalira m'nyumba.

M'bale akakuululirani, musamutengere kutsogolo kwa mpingo, musaike nkhani yake pa gulu la WhatsApp ngati "chopempherera". Kuno lamulo limalanga mchitidwewu ndi ndende, ndiye mawu anu angamuphetse. Akayamba kudzipatula, kapena kunena kuti bola kufa, musamusiye yekha. Pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi tsiku lomwelo.

Inu amene mwanyamula katunduyu mwakachetechete, Mulungu anakudziwani musanabadwe, ndipo pemphero lanu amalimva.

Tipemphere: Atate, tipatseni makutu omva ndi pakamwa posunga chinsinsi. Gwirani dzanja la aliyense amene akulimbana yekha usiku uno. M'dzina la Yesu, Ameni.