Kupepesa mnzako chibwenzi chikatha

Tsiku lomwe mnzanga wa paubwana anandiimbira foni kuti mwamuna amene anachita naye chinkhoswe wamusiya, ndinayankha ndi mkwiyo wonse umene ndinali nawo. Ndinamuuza kuti mwamunayo ndinkamuona kale kuti ndi wachabechabe, kuti maso ake sankakhazikika, kuti ngakhale abale ake anali onyada. Ndinkaganiza kuti ndikumupukuta misozi. Patapita miyezi isanu ankhoswe anakhala pansi, nkhani inakambidwa, awiriwo anabwererana ndipo ukwati unachitika. Anandiitana, ndinapita, ndinavina nawo pa perekaniperekani. Koma kuchokera nthawi imeneyo mnzangayo sanandiuzenso kanthu ka m'nyumba mwake, ndipo ndikapita kukacheza kwawo mwamuna wake amandipatsa moni ali chiimire n'kutuluka. Zonse zimene ndinanena zinamufika.

Nditawafotokozera azakhali anga, amene analangiza atsikana ambiri m'mudzi mwathu ku Dedza, sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Kodi iwe ukapita kukapepesa maliro, umafika n'kuyamba kuwerenga zolakwa za malemu?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Nanga uku unachitiranji? Madzi saiwala khwawa, mwanawe. Anthu amene anakondanapo usamawayese kuti athana chifukwa wamva mmodzi akulira."

Fanizo la maliro lija landithandiza kuposa malangizo ena onse. Pa siwa munthu amafika, amakhala pansi, amayamba wakhala chete, kenako amati pepani. Safunsa mafunso ofuna kudziwa kuti analakwa ndani, ndipo sabwera ndi chigamulo. Chibwenzi chikatha palibe amene wamwalira, koma mnzakoyo akuika m'manda zinthu zambiri: nyumba imene ankaiganizira, mayina a ana amene anasankha, ulemu umene anali nawo pamaso pa makolo. Wabwera kudzakhala naye pa chisoni chimenecho. Mlandu uli ndi eni ake. Pa mwambo wathu, ngati panali chinkhoswe, amene anapatsana tambala ndi thadzi pamaso pa anthu ndi amenenso amamva madandaulo, kuitanitsa mbali zonse ziwiri ndi kuona za katundu wobwezana. Nkhoswe imamva kuwiri. Iwe mnzake wamva kumodzi, ndipo wamva pa tsiku limene mtima wake uli pa moto.

Kubwererana si chifukwa chokhacho chosungira pakamwa. Ngakhale atapanda kubwererana, kunyoza mwamunayo kumalasa amene ukumutonthozayo. Ukanena kuti "amene uja anali galu," mnzakoyo amamva kuti kwa zaka zitatu iye ankakonda galu, anthu onse akuona, iye yekha osaona. Ukawonjezera kuti "ine ndinkadziwa," ndiye wamuuza kuti unkadya naye nsima, kuseka naye, kusoketsa naye yunifomu ya chinkhoswe, uku ukumuseka mumtima. Chisoni chake chimasanduka manyazi, ndipo manyazi amatsekera munthu m'nyumba. Komanso chikondi sichizima tsiku limene chibwenzi chatha. Amene akulirayo akulira chifukwa akumukondabe munthuyo, ndiye ukamunyoza amakakamizika kumuikira kumbuyo, pamene iye amafuna kungolira.

Chaka chatha mwayi wachiwiri unandipeza. Mnzanga wina amene timapemphera limodzi, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, chibwenzi chake chinatha kutatsala miyezi iwiri kuti ukwati uchitike. Makadi anali atasindikizidwa, holo italipiridwa theka, komiti ikukumana Lamlungu lililonse. Ananditumizira mawu anayi okha usiku: "Zatha, ukwati uja kulibe." Zala zanga zinayamba kulemba zakale zomwe zija. Ndinafufuta, ndinaika foni pansi, ndinakamwa madzi, kenako ndinalemba izi:

"Achemwali, ndamva. Pepani kwambiri, mtima wanga uli ndi inu usiku uno. Ndikudziwa mmene munaikira mtima wanu wonse pa nkhaniyi, ndipo kupweteka kwake n'kwakukulu. Simukuyenera kundifotokozera chilichonse panopa, ngakhale kuyankha uthengawu. Mawa ndikaweruka ndibwera cha m'ma 5 koloko ndi ndiwo, tidzangokhala. Ngati mukufuna kukhala nokha mawa, ingondiuzani, ndidzabwera Loweruka."

Muona kuti dzina la mwamunayo mulibe, ndipo si mwangozi. Mulibenso funso lakuti chachitika n'chiyani, chifukwa usiku umenewo anthu khumi anali atamufunsa kale funso limenelo, ena mwachifundo, ena pofuna nkhani yokakamba. Mawu akuti munaikapo mtima wanu wonse ndi oona ndipo amamulemekeza: akunena za iye, osaweruza winayo. Ndipo ndinatchula tsiku, ola ndi chimene ndibweretse. "Ukafuna chilichonse undiuze" ndi mawu aulemu, koma munthu wosweka mtima sapempha. Amene wanena kuti ndibwera mawa ndi ndiwo wamuchotsera mtolo wopempha.

Pali mawu ena amene sanyoza aliyense koma amapwetekabe, ndipo ndinawapewa. "Amuna ndi ambiri, upeza wina" amamveka ngati munthu wataya nsapato. "Limba mtima, usalire" amamuuza kuti misozi yake ikutitopetsa. Ngakhale mawu akuti Mulungu wakupulumutsa ku zoopsa, amene ife opemphera timathamangira, amanyamula chitonzo mobisa, chifukwa akutanthauza kuti mwamunayo ndiye zoopsazo. Kupemphera naye n'kwabwino ngati iye akufuna, koma pemphero likhale lomupempherera mphamvu ndi tulo, lisakhale bwalo la milandu.

Mayeso enieni anabwera mawa lake. Ndinamupeza atakhala pamkeka m'chipinda, makatani otseka, lichero ndi mthiko zimene analandira pa chinkhoswe zili pakona, zikadali ndi riboni. Ndinaphika, anadya pang'ono. Kenako anayamba yekha kumutukwana mwamunayo: wabodza, wamantha, wondichititsa manyazi pamaso pa amalume anga. Apa ndi pamene ambiri timagwera, chifukwa zimaoneka ngati mwini wake watsegula chitseko. Koma iye ali ndi ufulu wonena zimenezo, popeza bala ndi lake. Mawu ake adzawaiwala, kapena adzadzikhululukira. Mawu ako adzawasunga. Ndiye sindinamutsutse, sindinamuuze kuti asatero, komanso sindinasonkhezere moto. Atati "wandinamiza miyezi yonseyi," ndinati, "Kuzindikira chinthu mochedwa chonchi kumawawa zedi." Atati "ndikayenda bwanji kutchalitchi," ndinati, "Lamlungu ndidzakutengani, tidzalowa limodzi, tidzakhala benchi imodzi."

Kenako anandiyang'ana n'kundifunsa funso limene ndinkaliopa: "Iwe unkamuona bwanji? Undiuze zoona." Kunama sikukanathandiza, ndipo kumuyamikira mwamunayo kukanakhala kulasa kwina, ngati ndikunena kuti wataya munthu wabwino. Ndinamuyankha kuti, "Achemwali, amene mumamudziwa ndi inu, ine ndinkangomuona pa khomo. Chimene ndikudziwa bwino n'chakuti inu munamukonda moona, ndipo zimene zachitikazi zakupwetekani. Simunayenere kumva kuwawa kotere." Munthu akhoza kuvomereza kuti chochitikacho n'chopweteka, ngakhale kunena kuti kuthetsa ukwati kutatsala miyezi iwiri n'kolemera, popanda kumupatsa winayo dzina lachipongwe. Kutchula chimene chachitika ndi kumata munthu dzina ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pamenepo ndi pamene pali malire.

Foni yawonjezera ngozi imene agogo athu sankaidziwa. Kale mawu onenedwa pamtondo ankatha kukanidwa kapena kuiwalika. Lero uthenga wolembedwa umajambulidwa, mawu ojambulidwa pa WhatsApp amatumizidwa kwa wina ndi chala chimodzi. Mnzakoyo, ali mu mkwiyo pakati pa usiku, akhoza kutumiza uthenga wako kwa mwamunayo kuti aone kuti ngakhale anzake akumunena. Sachita zimenezi pofuna kukupereka, koma zikachitika dzina lako lalowa m'nkhani, ndipo ankhoswe akadzakhala pansi adzakutchula kuti kapasule. Ine tsopano ndisanatumize uthenga wotere ndimauwerenga ngati kuti akuuwerenga mokweza pabwalo, mwamunayo ndi amayi ake ali pomwepo. Ngati pali mzere umene ungandigwetse nkhope, ndimauchotsa.

Ukalakwitsa umatha kuzindikira msanga ngati uli tcheru. Mnzakoyo amayamba kunena kuti "komatu sikuti anali woipa chotero," kapena amasintha nkhani mwadzidzidzi, kapena mayankho ake amafupika mpaka kungotsala "chabwino." Ukaona zimenezo usaumirire kuti umanena zoona. Bwerera m'mbuyo nthawi yomweyo: "Pepa, ndalankhula mopitirira. Ndinakwiya poona ukulira. Si malo anga kumuweruza." Ine mawu amenewa ndinachedwa nawo kwa mnzanga woyamba uja, ndipo ndinawanena ukwati utachitika kale, pamene ankamveka ngati ongofuna kukonza mbiri yanga.

Pali malo amodzi pamene kusunga pakamwa kumasanduka kulakwa. Ngati mnzako ankamenyedwa, kuopsezedwa, kapena mwamunayo akumutsatabe ndi kumuopseza atasiyana, ulemu usakutseke pakamwa. Ngakhale pamenepo kutukwana sikuthandiza, koma chochitikacho uchitchule ndi dzina lake: "Kumenyedwa kuja ndi nkhanza, ndipo sunalakwe kuchoka. Ndikuopa kuti ungavulale." Dziko la Malawi lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Kumuperekeza kumeneko, kapena kwa amalume ake, si miseche. Chimodzimodzi ngati wasiya kudya kwa masiku ambiri kapena akunena zofuna kudzipha: usamusiye yekha, uza wachibale wake wamkulu tsiku lomwelo, ngakhale atakupempha kuti usauze munthu, ndipo mupite naye kuchipatala.

Achemwali aja sanabwererane ndi mwamunayo. Ankhoswe a mbali ziwiri anakumana, mphete inabwezedwa, za ndalama za holo anagwirizana okha, ndipo ine sindinafunse kuti zinatha bwanji. Ntchito yanga inali ina. Sabata yachitatu, pamene mafoni a anthu ena anali atasiya kulira, ndinkawatumizira uthenga wa mzere umodzi Lachitatu lililonse: "Mwadzuka bwanji lero, mwadya?" Tsiku limene ukwati unayenera kuchitika ndinalilemba pa kalendala yanga. M'mawa mwake ndinafika kwawo ndi zitenje ziwiri, ndipo tinapita kumudzi kwa amayi awo kukathandiza kukolola mtedza. Pobwerera, minibasi inadutsa pafupi ndi holo ija. Anayang'ana pawindo, anandigwira dzanja, ndipo tonse tinakhala chete mpaka pa siteji.