Kodi kulemba pangano ndi kusakhulupirirana?

Msonkhano watha. Anthu aombera m'manja, agwirana chanza, aliyense watenga njira ya kwawo. Mmodzi akuti, "Tiyeni tiyambe talemba zimene tagwirizanazi." Wina akukwiya nati, "Kodi mukundiyesa wabodza? Mawu anga sakukwana?"

Funso limeneli ndi lofunika kuliyankha bwino. Makolo athu ankabwerekana ng'ombe, kugawana minda ndi kumanga maukwati popanda pepala. Mboni zawo zinali ankhoswe, anyakwawa ndi akuluakulu a m'mudzi. Munthu wosunga mawu ake ankalemekezedwa, ndipo mpaka lero amalemekezedwa. Nanga ife amene tikuphunzira kulemba, tikatulutsa pensulo pakutha pa msonkhano, kodi tikunyoza mwambo umenewu?

Tisanayankhe, tiyeni tiyerekeze nkhani imene ingachitike m'mudzi uliwonse wa kuno ku Kalomwe.

Alimi asanu ndi atatu a mbatatesi akumana Loweruka pansi pa mtengo pamodzi ndi mwini lole. Aliyense ali ndi matumba 10, ndiye kuti onse pamodzi ndi matumba 80. Agwirizana kuti lole idzatenge katunduyu kupita naye ku Tete, pa mtengo wa mametikali 100 thumba limodzi. Ndalama zonse ndi mametikali 8,000. Apereka theka, mametikali 4,000, ngati chikole. Mwini lole akuti, "Ndidzabwera sabata yamawa." Onse akondwa, abalalika.

Alimi anamva kuti sabata yamawa ndi Lolemba, pakuti ndilo tsiku loyamba la ntchito. Akumba mbatatesi mofulumira, aika m'matumba, anyamulira kumsewu. Koma mwini lole mumtima mwake ankanena Lachisanu, chifukwa masiku enawo anali ndi ulendo wina. Matumba akhala pamsewu masiku anayi. Dzuwa lawaomba, mame awagwera, ndipo mbatatesi zimene zinatemeka ndi khasu zayamba kuola ndi kuoletsa zinzake.

Lachisanu lole yafika, mkangano wina wabuka. Mwini lole akuti mametikali 100 anali a thumba la makilogalamu 50. Alimi asokerera matumba awo pamwamba kuti alowemo zambiri, monga amachitira nthawi zonse. Iye akuti thumba lotere ndi mametikali 150. Tsopano ndalama zakwera kuchoka pa 8,000 kufika pa 12,000. Anyamata okweza katundu nawonso aima pambali kudikira malipiro, ndipo palibe amene akudziwa kuti wowalipira ndani.

Tsono tifunse: wabodza ndani pa nkhaniyi? Palibe. Mwini lole anabweradi sabata imene ananena. Alimi nawonso anakonzadi matumba 80. Aliyense wasunga mawu monga anawamvera. Cholakwa n'chakuti anatuluka pa msonkhano umodzi ali ndi mapangano awiri, ndipo sanadziwe.

Apa ndi pamene pali yankho lathu. Mapangano ambiri amene amasweka m'midzi mwathu sasweka chifukwa cha kuba. Amasweka chifukwa mawu a pakamwa ndi otakasuka. "Sabata yamawa" ili ndi masiku asanu ndi awiri. "Tikakolola" ndi nyengo ya miyezi. "Thumba" lili ndi misinkhu yambiri. Kuno kumalire ngakhale mawu akuti "ndalama" ali pawiri, pakuti wina amagulitsa ku Dedza nalandira makwacha, wina amagulitsa ku Ulongwe nalandira mametikali, ndipo mtengo wosinthira suima malo amodzi. Pakamwa timadumpha zonsezi osazindikira. Koma dzanja likafuna kulemba, limaima n'kufunsa: tsiku liti? Thumba lotani? Ndalama ziti? Ubwino woyamba wa kulemba uli pa mafunso amenewa, pepala lisanadzaze n'komwe.

Chinanso n'chakuti mtima wa munthu umakumbukira mokondera. Patapita mwezi, wobwereka amakumbukira ngongole yaing'ono, wobwereketsa amakumbukira yaikulu, ndipo onse awiri angathe kulumbira moona mtima. Ngakhale ine ndikalonjeza, mawa ndikhoza kupeputsa lonjezo langa osadziwa kuti ndalipeputsa. Choncho ndikamapempha kuti tilembe, ndikumanga manja anga omwe, kuti mnzanga adzathe kundionetsa zimene ndinanena. Munthu amene akuvomera kulemba akunena kuti, "Ndigwireni pa mawu angawa."

Mwini lole ndi alimi aja akanalemba, pepala lawo likanakhala lalifupi chonchi, pamwamba pake patalembedwa malo, tsiku, mwezi ndi chaka:

"Ife alimi asanu ndi atatu amene maina athu ali m'munsimu tagwirizana ndi mwini lole kuti adzanyamula matumba 80 (makumi asanu ndi atatu) a mbatatesi kupita ku Tete. Thumba lililonse lisapose makilogalamu 50. Mtengo ndi mametikali 100 thumba limodzi, onse pamodzi mametikali 8,000. Lero talipira 4,000. Zotsala 4,000 msungichuma adzapereka katundu akatsitsidwa. Lole idzafika pamsewu Lachisanu pa 12 Meyi, mmawa. Okweza katundu adzalipidwa ndi alimi. Lole ikalephera, mwini wake atidziwitse pofika Lachitatu pa 10 Meyi, ndipo abweze chikole."

Taonani kuti chiganizo chilichonse chikutseka khomo limodzi la mkangano. Taonaninso kuti ntchito iliyonse ili ndi mwini wake. Mawu akuti "tidzalipira" alibe mwini, koma akuti "msungichuma adzapereka" ali ndi munthu amene tingamufunse. Ntchito imene yapatsidwa kwa onse, aliyense amayesa kuti mnzake aichita.

Nthawi yolemba ndi yomweyo, anthu asanabalalike. Mlembi akapita kukalembera kunyumba mawa lake, amalemba zimene iye akukumbukira, ndipo pepalalo limasanduka la munthu mmodzi. Mlembi asiyanitsenso zimene zangonenedwa ndi zimene zagwirizanidwa. Pa msonkhano pamatuluka maganizo ambiri. Wina akhoza kunena kuti, "Bwanji tidikire mtengo ukwere?" anthu n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneko si kuvomera. Wapampando afunse momveka, anthu ayankhe, kenako mlembi alembe.

Koma tisadzinamize kuti pepala ndi loyera nthawi zonse. Akuluakulu amene amaopa mapepala ali ndi chifukwa. M'nthawi ya atsamunda, mapepala a msonkho ndi a chibalo ankalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo munthu ankadinda chala pa mawu amene sakuwamva. Pepala lotere linali chingwe. Ngakhale lero, wodziwa kulemba angathe kudyera wosadziwa. Angawerenge mokweza zina, atalemba zina. Angaonjezere ziro mmodzi, 400 n'kusanduka 4,000. Kulemba kumapatsa mphamvu, ndipo mphamvu ikakhala m'dzanja limodzi imaopsa.

Chifukwa cha ichi, pangano lolembedwa limakhala lachilungamo pokhapokha litatetezanso munthu wosadziwa kuwerenga. Lilembedwe m'chinenero chimene onse akumva. Liwerengedwe mokweza ndi munthu wina, osati mlembi yemweyo, ndipo wosadziwa kuwerenga asankhe yekha womuwerengera, kaya ndi mdzukulu wake wa kusukulu. Ziwerengero zikuluzikulu zilembedwe kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Pasatsale mpata pakati pa mawu omaliza ndi maina, kuti wina asadzalowetsepo mzere. Mapepala akhale awiri ofanana, lina kwa alimi, lina kwa mwini lole. Munthu akakufulumizitsani kusaina nati, "Musavutike kuwerenga, ndi zomwe tanena zija," kapena akafuna kusunga yekha pepala, dziwani kuti pali chobisika.

Ndipo kulemba sikuchotsa mboni. Lamulo la malo la dziko lathu la Mozambiki, la chaka cha 1997, linavomereza kuti umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'dera ungatsimikize kuti munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito munda, ngakhale alibe chikalata. Boma lomwe linazindikira kuti mawu a anthu ali ndi kulemera. Choncho anyakwawa ndi akuluakulu akhalepo ndithu pa mapangano athu. Mboni imakumbukira mzimu wa nkhani, pepala limasunga tsiku ndi chiwerengero, ndipo mboni ikamwalira kapena kusamuka pepala limatsala.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa zomwezi. Pa 7 Sepitembala 1974, ku Lusaka, a Frelimo ndi boma la Apwitikizi anasaina pangano lothetsa nkhondo. Analembamo tsiku lenileni la ufulu, 25 Juni 1975, ndipo ufulu unabwera pa tsiku lomwelo. Pa 4 Okutobala 1992, ku Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Pambuyo pake anthu ambiri a kuno ku Angoniya amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu anabwerera m'minda mwawo. Panganolo linati chisankho chichitike patatha chaka chimodzi. Nthawiyo sinakwane, ndipo chisankho chinachitika mu Okutobala 1994.

Apa tikuonanso malire a pepala. Pepala siliyendetsa lole, sililetsa mvula kudula msewu, silipatsa ndalama munthu amene mbewu zake zapsa. Tsiku lolembedwa likhoza kuphonyedwa. Koma likaphonyedwa aliyense amaona kuti laphonyedwa, ndipo anthu amakhalanso pansi n'kuika tsiku lina poyera. Tsiku limene silinalembedwe limangosendera patsogolo mwakachetechete, wina akudikira, wina akuyesa kuti nthawi ikadalipo.

Palinso tchimo limene lingabwere ndi kulemba, ndilo kuuma mtima. Ngati lole yachedwa chifukwa mwini wake ali pamaliro, sitipita kusiwa kukamuonetsa pepala. Timamupepesa, kenako timagwirizana tsiku lina, n'kulilemba m'munsi mwa pepala lomwelo, onse n'kusainanso. Chifundo n'chabwino, koma nachonso chilembedwe, kuti wochitiridwa chifundo adziwe kuti wapatsidwa masiku angati.

Akuluakulu anati mlandu suola. Mkangano wa matumba 80 ungalekanitse mabanja amene amamwa pa chitsime chimodzi, ndipo ana angakule osalankhulana chifukwa cha mawu awiri amene makolo awo sanawamasulire. Mphindi khumi zolemba n'zotsika mtengo poyerekeza ndi udani wotere. Choncho mnzanu akadzakufunsani kuti, "Kodi simukundikhulupirira?" muyankheni mwaulemu kuti, "Ndikukukhulupirirani, achimwene. Tilembe kuti inu ndi ine tidzakumbukire chimodzimodzi."

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Ndi mawu ati amene alimi ndi mwini lole anawamva mosiyana?
2. Thumba likakhala mametikali 150, matumba 80 ndi ndalama zingati? Zaonjezereka ndi zingati?
3. Kodi munthu wosadziwa kuwerenga angadziteteze bwanji asanadinde chala?
4. Kumbukirani msonkhano womaliza umene munakhalapo. Lembani chimene munagwirizana, wochichita, ndi tsiku lake. Muwerengere mnzanu amene analipo, muone ngati iyenso anamva chimodzimodzi.