Telala amene analandira chikole cha madiresi 40

Padangotero, pa msika wina panali mtsikana amene anaphunzira utelala kwa azakhali ake, kenaka n'kukaika makina ake pakhonde lina.

Kutatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulidwe mu Seputembala, mtsikanayo anaika sitetasi pa WhatsApp. Chithunzi cha yunifolomu anachitapa kwa munthu wina, pansi pake n'kulembapo kuti: "Sukulu iliyonse, saizi iliyonse. Tumizani theka, mawa mudzatenge." Pofika madzulo makolo anali atatumiza chikole cha madiresi 40 pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Anathamangira kwa azakhali kukawaonetsa foni.

Azakhali anafunsa, "Makina ako opalasawa amatulutsa madiresi angati patsiku?"

"Atatu, azakhali."

"Masiku osoka atsala 6. Ndiye madiresi 18. Nanga 22 enawo asoka ndani? Anawo wawayeza?"

"Amayi awo andiuza zaka."

"Mwanawe, zaka sizivala diresi. Ana awiri a zaka 10 amasiyana mapewa, chifuwa ndi msinkhu."

Azakhaliwo anali atayamba kulengeza masabata atatu m'mbuyomo. Podziwa kuti sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ankaibwereza m'mawa uliwonse, ndipo kasitomala aliyense ankasungirana naye nambala, poti amene simunasungirane sangaione. Ankajambula diresi losoka okha, panja pa kuwala, n'kulemba mtengo, tsiku lomaliza kulandira ntchito ndi malo otsala. Kholo lililonse ankaliuza kuti libwere ndi mwana, ndiponso yunifolomu yakale kapena kansalu ka kusukuluko. Malo atatha analemba kuti, "Kwadzaza," ngakhale ena ankachonderera ndalama zili m'manja.

Mtsikana uja anati m'kamtima, nkhalamba zimaopa ndalama. Anapita kukagula nsalu akuyerekeza mtundu ndi chithunzi cha pafoni, osadziwa kuti foni imanamiza maso: buluu wakuda ukhoza kuoneka wowala. Anadula mpukutu wonse tsiku limodzi, ndipo nsalu ikadulidwa sibwerera kusitolo. Anasoka usiku ndi tochi mpaka mizere inayamba kukhota.

Loweruka pakhonde panadzaza. Madiresi okwana 20 anali atatha, koma buluu wake sanali wa sukulu ya anawo. Kamtsikana kena kanayesa kuvala, manja n'kukanirira m'mwamba, zipi osatseka. Mayi wake sanakalipe ayi. Anangokajambula, n'kuika pa sitetasi yake pamodzi ndi lonjezo lija la "mawa mudzatenge." Amayi anzake anatapa chithunzicho n'kuikanso pa awo.

Chikole chinali chitathera ku nsalu, choncho telala uja anagulitsa foni kuti abweze ndalama za eni. Lolemba, ana akupita kusukulu ndi zovala zakunyumba, iye anasenza makina kubwerera pakhonde la azakhali. Iwo anam'patsa tepi ndi kope, nati, "Yamba ndi mwana wakhala apoyo. Mapewa kaye."