Mulu wa Nyemba wa Malume

Padangotero, kumapiri a kwa Dambe m'boma la Neno kudali mnyamata wina wolima mbatata ya kachewere. Adapeza mbeta kumunsi, ku Lisungwi, namwali wopikula mananchesi n'kumakagulitsa pa Zalewa. Ankhoswe atakumana, adagwirizana kuti ukwati ukhale mu Seputembala, msewu wotsika m'mapiri usadaterere ndi mvula.

Mnyamatayo adali ndi K600,000 ya mbatata, namwaliyo K200,000 imene adasunga ku banki m'khonde. Koma komiti ya ukwati itakhala pansi idalemba zinthu za K2,300,000: holo ya pa boma, keke yosanjikiza, magalimoto atatu, yunifomu ya operekeza, makireti a zakumwa. Wapampando adati, "Usade nkhawa, achimwene. Pa Zalewa pali wakatapila. Tenga K1,500,000, perekani-perekani adzabweza yonse."

Usiku umenewo mnyamata adapita ndi pepalalo kwa malume ake, amene adalinso nkhoswe yake. Mkuluyo adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adatapa nyemba m'lichero.

"Wakatapilayo akufuna bwanji?"

"Theka pamwamba pakatha mwezi, malume."

"Ndiye kuti mu Okutobala akufuna K2,250,000. Ukalephera, mu Novembala chiwongoladzanja chiberekanso china. Nanga wakuuza ndani kuchuluka kwa ndalama zimene anthu adzaponye m'lichero tsikulo? Munthu amasinthitsa K1,000 kukhala ma K50, n'kuvina nyimbo yonse. Maso amaona mulu, koma powerenga mpamene mumadziwa."

Adayala nyemba 80 pamphasa, iliyonse kuimira K10,000. Asadanene za ukwati n'komwe, adapatula 30 n'kuzikankhira pansi pa mphasa.

"Izi ndi za mbewu ndi feteleza. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, koma mawa lake mkaziyo adzafuna ndiwo. Zatsala 50. Ukwati wako ndi umenewu."

Adayamba ndi chakudya, ndipo apa mpamene adakhalitsa. Adati asawerenge makadi, awerenge pakamwa, poti kumudzi woitanidwa mmodzi amabwera ndi ana ndi mlamu. Nyemba 18 zidapita ku mpunga, mafuta, mchere, shuga ndi kabichi. Mbatata idali ya m'munda mwake momwe, thobwa azakhali adati aphika ndi chimanga cha m'nkhokwe. Diresi yobwereka idatenga nyemba 7, mphete 4, zimbale 7, lole imodzi yotsitsa abale ku Lisungwi 9. Holo adaifufuta: madyerero akhale pabwalo la kwawo kwa mkazi, pansi pa chisakasa. Nyemba 5 zotsala malume adazifumbata m'manja.

"Izi n'za zogwa mwadzidzidzi. Ndisunga ine."

"Nanga zimene alonjeza abale, malume? Achimwene a ku Joni ati atumiza ya keke ndi zakumwa."

"Lonjezo silipita pamphasa pano. Ngakhale mbuzi imene ndakulonjeza ineyo, uilembe tsiku limene waimangirira pakhomo pako. Ya ku Joni ikafika, gula keke. Ikapanda kufika, usakakongole poyembekezera."

Mnyamata adadandaula kuti anthu adzati sadakwatire bwino. Malume adamukumbutsa kuti lamulo la maukwati la 2015 limalemekeza mofanana ukwati wa chikhalidwe, wa kutchalitchi ndi wa kwa DC, ndipo silifunsa kuti keke idali yotalika bwanji.

Chovuta chidali kukauza namwali, poti mtima wake udali pa holo. Adakhala chete, kenaka adafunsa kuti ngongoleyo akadabweza ndani. Atamva kuti mpamba wake wa mananchesi ukadalowa momwemo, adatenga pepala lija n'kufufutanso yekha yunifomu ya operekeza. Wapampando adanyanyala, osabweranso kumisonkhano.

Mbuzi idabwera. Ndalama ya ku Joni sidafike, foni idangoti kuntchito zavuta. Kutatsala masiku awiri, mwini lole adakweza mtengo ponena kuti mafuta akusowa, ndipo malume adamasula nyemba 3 mwa zisanu zija.

Tsikulo anthu adadya nakhuta, fumbi lidabuka pabwalo. Odandaula adalipo ndithu. Ena adanong'onezana kuti ukwati wanji wopanda keke, ndipo mawuwo adamupweteka mkwatibwi. Madzulo ankhoswe a mbali zonse adakhala pamphasa kuwerenga za perekani-perekani pamaso pa mboni. Zidakwana K410,000.

Mnyamata adachotsera mumtima ndalamayo pa K2,250,000 ija, thukuta lidamutuluka ngakhale kudali kutazizira. Malume adapereka ndalamazo m'manja mwa mkwatibwi, pamodzi ndi K20,000 yotsala ija.

M'mawa mwake banja latsopanolo lidagwirizana zogula malata khumi ndi mbuzi yaikazi. Zotsalazo mkazi adakaonjezera pa mpamba wake, ndipo sabata yotsatira mwamuna adakwera kwa Dambe kukagula mbewu ya kachewere mitengo isadakwere.