Safunsa anadya phula

Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo eni ake a Carlsberg, amene anatsegula fakitale yofululira mowa ku Blantyre mu 1968, nzeru imeneyi ankaidziwa. Mawu awo otsatsira malonda m'Chingelezi sanena mwamtheradi kuti mowa wawo uposa wina uliwonse padziko. Amayamba ndi kaliwu kooneka ngati kokayika, koma wakumva amadziwa kuti mwini mowa akudzitama mochenjera, akumwetulira cham'munsi.

Tsono tayesani kuika mawuwo m'Chichewa liwu ndi liwu: "Mwina ndi mowa wabwino koposa padziko lonse." Kwathu kuno "mwina" ndi liwu la wangongole amene sakudziwa tsiku lobweza. Munthu pabawo angofunsa kuti, "Kodi eni akewo sanaulawe?" Mukathawa msampha umenewo n'kulemba "mosakayika", mwapha kudzichepetsa kuja, ndipo mwatsala ndi munthu wodziguguda pachifuwa. Njira n'kusiya mawuwo pambali n'kufunsa ntchito imene akugwira: kudzitama kopanda mwano. Ife timadzitama motero posiyira ena pakamwa. "Ukoma wake anene ndi ena" akhoza kusenza katunduyo, ngakhale mulibemo liwu limodzi lofanana ndi a m'Chingelezi aja.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha ndi kuzizira, chifukwa otsatsa malonda amakonda mawu awiriwa. Mnyamata wotsogola, wa fasho, Angelezi amamutamanda ndi liwu la kuzizira. Kuno botolo lozizira ndi labwino, koma munthu wozizira ndi wofooka, wopanda changu, ndipo anyamata a padepoti adzapita nawo mawuwo kuchipinda. Kutentha nako kuli ndi mwambo wake: pa nkhani za mdulo, wotentha ndi amene wakhala malo amodzi ndi mnzake, ndipo saloledwa kunyamula khanda. Chikwangwani cholonjeza amayi "zotentha" chimasekedwa pamene mwini wake sakumva.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Papepala mawu amaoneka osalala, ndipo nyererezo zimatuluka akanenedwa pakamwa. N'chifukwa chake womasulira atuluke mu ofesi, akawerenge mawuwo mokweza kwa amayi a pachigayo, kwa akondakitala, kwa agogo, ku Dedza ndi ku Mulanje komwe, pakuti kalankhulidwe kamasiyana. Asafunse kuti "Mwamva?", poti aliyense adzavomera mwaulemu. Afunse kuti, "Akugulitsa chiyani apa, ndipo akukulonjezani chiyani?" Akaona wina akubisa nkhope m'chitenje, kapena awiri akutsinana, adziwe kuti pali tanthauzo lachiwiri, ndipo alifufuze chikwangwani chisanakhomedwe pamsewu.

Maina amene akhazikika, monga Kuche Kuche, Chishango ndi Mpamba, sanachite kumasuliridwa. Anatoledwa pakamwa pa anthu, ali kale ndi m'bandakucha, chitetezo ndi kageni m'kati mwake.