Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Pusi wa m'mwambiwu ankafuna chipatso chilichonse, manja onse nkutaya nthambi. Ndi momwe imagwera nkhani yolembedwa ndi anthu ambiri ngati wosonkhanitsa akuopa kutayapo ndime ya mnzake.

Tiyerekeze kuti achinyamata anayi a ku Kanjedza akulemba uthenga wa pa wailesi wa kolera, matenda amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre mu Januwale 2023. Atatu alemba za kusamba m'manja ndi sopo, aliyense m'ndime yake. Wachinayi wayamba ndi "choncho thamangirani kuchipatala", pomwe zizindikiro za matendawa sizinatchulidwe nkomwe.

Cholembera chikhale kwa munthu mmodzi. Pambali pa ndime iliyonse alembe mfundo yake m'mawu awiri kapena atatu. Akaona "sopo" katatu, asiye ndime yomveka bwino, atolemo chatsopano m'zinazo, zotsalazo afufute, ngakhale zitakhala za wapampando. Kenako asanje: zizindikiro, Thanzi, chipatala, kapewedwe. "Choncho" aliyense amufunse ngati chifukwa chake chanenedwa kale.

Pomaliza awerenge mokweza anzake akumva, chifukwa womvera wailesi sangabwerere m'mbuyo. Inu amene ndime yanu yachotsedwa, musakwiye. Mfundo yanu ikadalimo.